Ndinakamangitsa mlamu wanga, tsopano tagwirizana kumudzi: kodi mlandu ndiuchotsa bwanji?

A Banda a ku Kasenengwa

Akuluakulu nonse, ndabwera kudzapempha nzeru kwa amene akudziwa kayendedwe ka milandu. Pa 9 Juni ng'ombe za mlamu wanga, mchimwene wa akazi anga, zinalowa m'dimba langa n'kudya repu ndi tomato amene anali atatsala pang'ono kupsa. Nditapita kukamufunsa tinayambana, ndipo iye anandimenya ndi chibonga pamkono ndi pakamwa, mlomo n'kung'ambika. Tsiku lomwelo ndinapita kupolisi, anandipatsa fomu ya kuchipatala, adokotala anailemba, ine n'kuibweza. Mlamu anagona m'selo masiku awiri, kenaka anatuluka pa bondi atamusainira amalume ake ndi mphunzitsi wina wa kwathu.

Patapita sabata, mabanja awiri tinakhala pansi kwa a nyakwawa. Mlamu anavomera kulakwa, anapepesa pamaso pa anthu, ndipo tinapangana kuti andipatse K1,500 ya ndiwo zowonongeka ndi mankhwala, pamodzi ndi mbuzi imodzi. Wapereka kale K600. Ine ndinabwerera kupolisi n'kuuza wapolisi amene ndinamupeza patebulo kuti takambirana ndipo mlandu sindikuufunanso. Anandiyankha kuti wamva, ine n'kubwerera kunyumba mtima uli m'malo. Koma dzulo mlamu atapita kukaonekera monga mwa bondi yake, amuuza kuti pa 15 Julayi akaonekere kukhoti la majisitireti ku Chipata. Kuchikazi konse akuti ndinawanamiza, ndipo akazi anga kuyambira dzulo akungondiikira nsima osalankhula. Kodi ndinalakwitsa pati, ndipo ndichite chiyani kuti mlanduwu utsekedwe?

A Mwale

A Banda, musavutike mtima. Mlandu wopanda mboni suyenda. Inu ndinu mboni yaikulu, ndiye pa 15 Julayi mungokhala kudimba kwanu, ndipo akakuitananso musapite. Akaona kuti wodandaula sakubwera kawiri kapena katatu, woweruza amautaya yekha. Mng'ono wanga anachita chomwecho atamenyana ndi mnzake pamowa, ndipo mpaka lero palibe amene anamufunsapo.

A Tembo, wapolisi wopuma ntchito

A Mwale, zimene mwanenazi zimachitikadi, koma sindingalangize munthu kuti adutse njira imeneyo. Ndinagwirako ntchito yoimba milandu m'khoti la majisitireti zaka zambiri, ndipo ndinaona mmene zimathera. Mboni imene yalandira samoni n'kukana kubwera, khoti lili ndi mphamvu yolamula kuti ikagwidwe ndi kubweretsedwa. Ngakhale zitapanda kufika pamenepo, mlamu wa a Banda ndi amene azivutika, chifukwa tsiku lililonse limene mlandu waitanidwa iye ayenera kukwera galimoto kuchokera kumudzi, kukhala pabenchi mpaka masana, n'kungouzidwa tsiku lina. Akaphonya ngakhale kamodzi, iye agwidwa, ndipo amalume ndi aphunzitsi amene anamusainira aitanidwa kukafotokoza chifukwa chimene sayenera kulipira ndalama imene analonjeza pa bondi.

Chinanso n'chakuti woimba mlandu akatopa ndi kudikira mboni, kawirikawiri amauchotsa pogwiritsa ntchito gawo 88 la lamulo la kazengedwe ka milandu, lija lili chaputala 88 cha malamulo a Zambia. Ngati woimbidwa mlandu anali asanauzidwe kuti adziteteze, amangomasulidwa, koma mlanduwo ukhoza kudzutsidwanso tsiku lina pa nkhani yomweyo. Mng'ono wanu akhoza kukhala kuti akuyenda ndi mlandu wogona, osati wakufa.

Tsopano kwa inu a Banda. Cholakwika chinali chakuti munalankhula pakamwa, ndiponso kwa munthu amene mlandu wanu sunali m'manja mwake. Tsiku limene munakadandaula, mawu anu analembedwa m'buku la zochitika, lija apolisi amalitcha OB, ndipo pambuyo pake anatsegula doketi. M'doketimo muli sitetimenti yanu imene munasainira, fomu ya adokotala, mawu a mboni ndi pepala la bondi. Zonsezo zikunena chinthu chimodzi, kuti pali munthu amene anamenyedwa ndipo akufuna chilungamo. Mawu amene munasiya patebulo aja sanalowe m'doketi, ndiye aliyense amene analitsegula pambuyo pake anangopitiriza ntchito yake. Kumbukiraninso kuti mlandu wotere sulembedwa kuti Banda wotsutsana ndi mlamu wake. Umalembedwa m'dzina la anthu a dziko lino, kutanthauza kuti mwini wake ndi boma, inu ndinu wodandaula ndi mboni chabe. Mukhoza kupempha kuti uchotsedwe, koma simungalamule.

Musanalembe kalata iliyonse, mawa lomwe pitani mukafunefune wapolisi amene anamanga mlamu wanu, amene dzina lake lili pa pepala la bondi, mukamufunse mafunso awiri. Loyamba, doketi lili kuti lero? Lachiwiri, mlandu umene analemba ndi uti weniweni? Mukabwera ndi mayankho amenewo tidziwa kumene kalata yanu iyenera kupita.

A Zulu

Ine ndikuona ngati nkhaniyi mukuikulitsa. Chaka chatha ndinasumira munthu pa ngongole ya feteleza, anandilipira tsiku lisanafike, ndipo ndinangopita kwa kalaliki wa khoti n'kunena kuti ndalandira ndalama zanga. Pa tsiku la mlandu tinaimirira tonse awiri, oweruza anandifunsa ngati ndakhutira, ndinavomera, nkhani n'kuthera pomwepo. Sindinapite kupolisi kapena kwa wina aliyense.

A Tembo, wapolisi wopuma ntchito

A Zulu, wanuwo unali mlandu wa pakati pa anthu awiri, ndipo ndikukhulupirira kuti unali kukhoti laling'ono la miyambo. Samoni munagula nokha, mlandu unali wanu, n'chifukwa chake munatha kuusiya nokha. Wa a Banda unalowera kupolisi, ndipo amene adzaimirire kuuyankhulira m'khoti ndi woimba milandu wa boma.

A Banda a ku Kasenengwa

Atate a Tembo, ndapita monga munandiuzira. Wapolisi uja ndamupeza, ndipo wandiuza kuti sanamvepo kuti ndinabwera kudzachotsa dandaulo. Doketi akuti linachoka pasiteshoni sabata yatha, lili kuboma ku NPA, bungwe la oimba milandu a boma. Mlandu umene analemba ndi womenya munthu n'kumuvulaza thupi. Wandipatsanso nambala ya OB, ndailemba papepala. Kodi pamenepa ndachedwa?

A Tembo, wapolisi wopuma ntchito

Simunachedwe, mwana wanga, koma njira yaifupi yatsekeka. Doketi likanakhala lidakali pasiteshoni, mukanalembera mkulu wa siteshoniyo, wapolisi akanakulembani sitetimenti ina yochotsa dandaulo, inu n'kusainira, ndipo mkuluyo akanaona ngati n'koyenera kulitseka pomwepo. Popeza lapita kwa oimba milandu ndipo tsiku la khoti laperekedwa, apolisi sangalitsekenso okha. Kalata yanu ipite ku ofesi ya NPA ku Chipata, ina yofanana nayo mukasiye kwa wapolisi uja, ndipo yachitatu ikhale yanu. Pa yanuyo mupemphe kuti amene walandira adindepo chidindo cha tsiku ndi kusainira. Musachoke popanda chidindocho, chifukwa ndicho mudzaonetse apongozi anu, ndipo ndicho chidzakuthandizeni ngati kalatayo itasochera pakati pa mapepala ena.

Nkhani yabwino ndi dzina la mlanduwo. Kumenya munthu n'kumuvulaza thupi kuli pa gawo 248 la lamulo la zilango, ndipo ngakhale chilango chake chimatha kufika zaka 5, lamulo limauika m'gulu la milandu yaing'ono. Gawo 8 la lamulo la kazengedwe ka milandu limalola khoti la majisitireti kulimbikitsa kuyanjana pa milandu ya kumenyana ndi ina ya pakati pa anthu, malinga ngati suli m'gulu la milandu ikuluikulu ndiponso sunachitike mwankhanza yopitirira. Adokotala akanalemba kuti fupa la mkono lathyoka kapena diso lawonongeka, mlandu ukanatha kukhala wovulaza koopsa, ndipo apo tikanalankhula zina. Chimodzimodzinso mlamuyo akanakuberani ng'ombe.

Kalatayo imalembedwa m'Chingerezi, ndipo ngati simuli womasuka nacho pezani munthu wokulemberani, koma akuwerengereni m'chinenero chathu musanasaine. Isapitirire tsamba limodzi. Pamwamba pakhale dzina lanu lonse monga lilili pa chitupa chanu, nambala ya chitupacho, mudzi, mfumu ndi nambala ya foni. Mutu wake unene kuti mukupempha kuchotsa dandaulo lanu pa uje, ndi nambala ya OB ndi tsiku la khoti. M'kati mwake mawu akhale onga awa:

"Pa 9 Juni ndinadandaula kupolisi kuti uje anandimenya. Munthuyu ndi mlamu wanga. Mabanja athu anakhala pansi pamaso pa a nyakwawa, iye anapepesa, ndipo tinayanjana. Ndikupempha kuti dandaulo langa lichotsedwe. Ndalemba izi mwa kufuna kwanga, popanda wondikakamiza kapena kundiopseza, ndipo ndine wokonzeka kubwera kukhoti kudzanena zomwezi."

Pali mawu amodzi amene ndikukuchenjezani kwambiri. Achibale a woimbidwa mlandu amakonda kuuza wodandaula kuti alembe kuti palibe chimene chinachitika, kapena kuti ananama chifukwa cha mkwiyo, poganiza kuti potero mlandu ufa msanga. Musalembe zimenezo. Kupereka uthenga wabodza kwa wantchito wa boma ndi mlandu paokha, ndipo mungakhale mutausainira nokha. Komanso mlamu wanu anagona m'selo masiku awiri, ndiye mukadzayambananso chaka chamawa, pepala lonena kuti munamunamizira likhoza kukhala chida chokusumirani nacho. Zimene zinachitika zinachitikadi, adokotala anaziona, inu mukungonena kuti mwakhululuka.

Anaphiri a ku Mchini

Pepani kuti ndilowetsepo nkhani yanga, koma ikufanana ndi imeneyi. Amuna anga anandimenya mpaka ndinakagona kuchipatala usiku umodzi, ndipo nkhani inapita ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa. Ankhoswe atatikhazika pansi ndinalemba kalata yonga imene a Tembo akunenayi, chifukwa amene amagula chakudya ndi kulipira lendi ndi iwowo, ndipo ana anali atayamba kugona ndi njala. Apolisi kalatayo anailandira koma anakana kutseka, anati ndikanene ndekha kwa woweruza. Kukhoti amayi oweruza anandifunsa nthawi yaitali: amene anandilembera kalata ndani, ndikugona kuti, kodi aka n'koyamba kumenyedwa. Sanavomere tsiku lomwelo, anatiuza kuti tibwerenso. Ndiye ndikufuna a Banda adziwe kuti kalata si mapeto.

A Tembo, wapolisi wopuma ntchito

Amayi, zikomo pofotokoza zimenezi. Kuyambira pamene lamulo lolimbana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi linakhazikitsidwa mu 2011, milandu ya m'nyumba saichotsa mopepuka, chifukwa zimadziwika kuti amayi ambiri amalemba kalata yotere ali ndi mantha kapena atapanikizidwa ndi achibale. Mafunso amene anakufunsaniwo anali ofuna kuona ngati mawu a m'kalata ndi anudi. A Banda nawonso adzafunsidwa, ngakhale mwina mwachidule, chifukwa iwo sadya za m'thumba la mlamu wawo. Ndipo ndinene poyera kwa ena amene akuwerenga, mlandu wogona mwana wamng'ono kapena wogwiririra suyanjanitsidwa kwa a nyakwawa, ndipo wolandira ndalama kuti abise mlandu waukulu wotere amapalamula iye mwini.

A Sakala

Ine ndimalembera a nyakwawa athu mabuku a pamudzi, ndipo pali chinthu chimene palibe wachikhudza. A Banda alandira K600 yokha pa K1,500, ndipo mbuzi sanaione. Zimene ndaona kwathu n'zakuti munthu amalipira mwachangu pamene tsiku la khoti lili kutsogolo kwake. Likangodutsa tsikulo, mudzamva kuti dikirani ndigulitse soya, soya akagulitsidwa mudzamva za chimanga. Kodi si bwino kuti a Banda aigwire kalatayo kufikira zonse zitaperekedwa?

A Banda a ku Kasenengwa

Limeneli ndi funso limene ndimaopa kulifunsa, chifukwa likuoneka ngati ndikugulitsa mlandu. Koma tomato uja ndinali nditakongola mankhwala ake, ndipo mwini sitolo sakudziwa za chilamu. Atate a Tembo, kodi ndikachotsa mlandu, mlamu n'kuleka kulipira, ndingathe kukautsegulanso?

A Tembo, wapolisi wopuma ntchito

Pa mlandu wonga uwu kulandira chipukuta misozi si kugulitsa mlandu, gawo 8 lija limatchula lokha za kulipira wolakwiridwa, bola khoti livomereze zimene mwapangana. Koma yankho la funso lanu lidalira khomo limene mlandu utulukire. Mukaimirira m'khoti n'kupempha kuchotsa dandaulo pansi pa gawo 201, woweruza akakhutira ndi zifukwa zanu amamumasula mlamuyo ngati munthu wopanda mlandu, ndipo munthu womasulidwa motero sazengedwanso pa nkhani yomweyo. Kwa mlamu wanu limenelo ndilo khomo labwino kuposa onse, koma kwa inu ndiye kuti K900 yotsalayo yasanduka ngongole wamba, imene mungaitsate pokasuma nokha. Pansi pa gawo 8, khoti limamva zimene mwapangana, kuzilemba, n'kuimitsa mlandu. Woweruza akhozanso kupereka tsiku lina kuti aone ngati malipiro akwanira asanatseke.

Ine malangizo anga ndi akuti kalata mupereke tsopano, chifukwa pakhomo panu pakufunika mtendere, koma muwonjezeremo chiganizo chimodzi chonena zoona zake: kuti munapangana K1,500 ndi mbuzi, kuti K600 yaperekedwa, ndipo yotsalayo iperekedwa pofika tsiku lakuti. A Sakala akudziwa kuti a nyakwawa amalemba mapangano otere, ndiye pemphani kalata yawo yokhala ndi chidindo ndi mayina a mboni za mbali zonse ziwiri, muiphatikize. Pa 15 Julayi mufike m'mawa khoti lisanayambe, muonane ndi woimba mlandu, mumuonetse kalata yanu yodindidwa ija kuti aiyang'ane m'doketi.

A Jere, wophunzira zamalamulo

Atate, ndikhululukireni kuti ndikutsutseni pang'ono pamene inu munagwira ntchitoyi ine ndisanabadwe. M'kalasi tinakanganapo za gawo 201. Ena amati wodandaula amene gawolo likunena si munthu womenyedwa, koma amene anabweretsa mlandu kukhoti, ndipo pa mlandu wodzera kupolisi ameneyo ndi wa boma. Ngati zili choncho, a Banda sangapemphe okha pansi pa gawolo popanda woimba mlandu kuvomera. Malamulo aakulu a dziko amapereka mphamvu yoyambitsa ndi kuimitsa milandu kwa mkulu wa oimba milandu, DPP, ndipo sindikuona mmene mboni ingamulandire mphamvu imeneyo.

A Tembo, wapolisi wopuma ntchito

Mkangano umenewo ndinaumva ndidakali pantchito, ndipo sindinganene kuti aphunzitsi anu akulakwa. Chimene ndinaona ndi maso n'chakuti oweruza ambiri amamuimika womenyedwayo, kumufunsa, kenaka n'kutembenukira kwa woimba mlandu kufunsa ngati boma likutsutsa. Boma likati silikutsutsa, nkhani imatha. Likatsutsa, ndinaonapo oweruza akulamula kuti mlandu upitirire ngakhale wodandaula akulira. N'chifukwa chake ndawauza a Banda kuti ayambire ku ofesi ya oimba milandu, asakangodzidzimutsa anthu m'khoti.

A Mwale

Koma zonsezi ndi ndalama za galimoto, ndipo ndinamva kuti pochotsa mlandu amalipiritsa. Njira yanga ija ndi yaulere.

A Tembo, wapolisi wopuma ntchito

Ndi yaulere kwa wodandaula, a Mwale, wolipira galimoto mwezi ndi mwezi ndi mlamu. Za kulipiritsazo, a Banda, wina akakutchulirani ndalama mumufunse kuti ndi ya chiyani ndipo akupatseni risiti ya boma.

A Banda a ku Kasenengwa

Akuluakulu, ndabwera kuchokera kukhoti madzulo ano ndipo ndati ndikuuzeni mmene zayendera. Kalata ndinaipereka pa 8 Julayi, anandidindira, ndipo nditaionetsa kwa apongozi anaitenga n'kukaiwerengetsa kwa aphunzitsi aja amene anasainira bondi. Lero ndinafika 7 koloko. Woimba mlandu anaipeza kalatayo m'doketi, koma ya a nyakwawa munalibe, mwamwayi ndinali ndi ina m'thumba. Mlandu utaitanidwa anandiimika, womasulira anandifunsa ngati ndine ndinalemba, ngati pali amene anandiopseza, ndiponso ngati ndalandira zonse zimene tinapangana. Ndinanena zoona, kuti mlamu anawonjezera K500 dzulo, kwatsala K400 ndi mbuzi. Woweruza anafunsa mlamu kuti amaliza liti, iye anati pakutha pa mwezi. Ndiye sanatseke lero, atiuza kuti tibwerenso tonse pa 5 Ogasiti, ndipo bondi ikupitirira. Kuchikazi ena akung'ung'udza kuti ndikanangonena kuti ndalandira zonse, bwenzi nkhani itatha.

A Tembo, wapolisi wopuma ntchito

Munayankha bwino, chifukwa mawu onenedwa m'khoti amalembedwa ndipo simukanatha kuwabweza. Pa 5 Ogasiti mumvetsere bwino kuti woweruza watseka pansi pa gawo liti, ndipo mukapanda kumva mufunse womasulira kapena kalaliki, mulilembe kuseri kwa kalata yanu yodindidwa ija pamodzi ndi nambala ya mlandu ya kukhoti. Amalume ndi aphunzitsi amene anasainira muwauze tsiku lomwelo kuti udindo wawo watha. Ngati malaya anu amagazi anatsala kupolisi ngati umboni, mukhoza kukawapempha mlandu ukatsekedwa.

A Sakala

Mbuziyo musakalandire awiriwiri kukhola. Ikaperekedwe pabwalo la a nyakwawa tsiku la khoti lisanafike, ailembe m'buku pamodzi ndi K400 yotsalayo, kuti woweruza akadzafunsanso mudzakhale ndi pepala m'manja.

A Banda a ku Kasenengwa

Ndamva, a Sakala. Mlamu wanena kuti abweretsa Loweruka, koma akufuna kupereka kamwana ka mbuzi, pamene ife kwa a nyakwawa tinamvana ya thazi yobereka. M'kalata ya a nyakwawa munangolembedwa kuti mbuzi imodzi. Mawa m'mawa ndipita kwa amalume ake tikakambirane zimenezi Loweruka lisanafike.